Dzanzi lootcha kunja kwa ntchafu: kapanika ndi kamtsempha ka pachiuno kapena ndi msana?

"Adokotala ndithandizeni. Ndili ndi zaka 46, ntchito yanga ndiyoimirira tsiku lonse komanso ndimamanga lamba wolemera wa zida mchiunomu. Miyezi itatu tsopano ntchafu yakumanja, mbali yakunjayi, imaotcha nkumachitanso dzanzi, ndikaigwira imakhala ngati siyanga, olo thalauzi ikakhudza zimandinyansa. Ndikakhala pansi zimachepako. Anandijambula ekisire ya msana akuti mafupa ammunsi ayamba kuperepeseka nde vuto ndi limenelo, koma msanawo sundipweteka kwenikweni. Kodi ndi msanadi? Mwendowu udzapuwala?"

Achimwene, ndiyambe ndi chomwe chikukusowetsani tulocho. Mmene mwalongosoleramu maganizo anga akupita kwambiri pa kamtsempha kamodzi komwe kapanika kutsogolo kwa chiuno, osati msana ayi, ndipo ngati kalidi kameneko mwendo sungapuwale chifukwa kamtsempha kameneka sikayendetsa mnofu olo umodzi, ntchito yake ndiyomvetsa khungu basi. Koma poti sindinakupimeni ndi manja angawa, sindikufuna mungotenga mawu anga, ndikufuna mudziwe mmene timasiyanitsira ziwirizi, zina mwa izo mutha kuyesa nokha lero lomwe muli ndi wina wokuthandizani.

Tiyambe ndi kukapeza komwe kali. Gwirani mchiuno, nde muyendetse zala chakutsogolo motsata mmphepete mwa fupa mpaka mufike pa kansonga kolimba kotumphuka, pamene lamba amadutsa paja, aliyense ali nako mbali zonse ziwiri. Kuchokera pa kansonga kameneko pali chingwe cholimba cha mthupi chomwe chimatsetsereka kulowera ku fupa la pachinena, ndi chimene chimapanga mzere wopindika uja pakati pa mimba ndi ntchafu. Kamtsempha tikunenaka, osati ka magazi ayi koma ka mauthenga a kumva, kamayambira ku msana pa mizu iwiri yotchedwa L2 ndi L3, kamayenda mkati mwa chiuno chammbali, kenako kuti katulukire ku ntchafu kamayenera kudutsa pansi pa chingwe chija, pena kuboola mkati mwake mwenimweni, chala chimodzi kapena ziwiri kuchokera pa kansonga kaja kulowera mkati. Pamenepo kamakhota kwambiri ndipo mpata wake ndiwochepa. Mukaimirira njo, makamaka mwendo ukapita kumbuyo poyenda, kamakokeka pa ngodya imeneyo, mukakhala pansi chiuno chimapindika kamtsemphako nkumasuka. Ndiye onjezani lamba wolemera amene akukanikiza pa malo omwewo kuyambira mmawa mpaka madzulo, muona kuti nkhani yanuyo ikudzifotokoza yokha. Kwa ena chimapanikiza ndi mimba ikakula nkumalendewera pa chingwecho, kwa amayi ndi pathupi makamaka miyezi yakumapeto, ena ndi jinzi yothina, ena lamba wa mgalimoto pa ngozi, ena zimayamba atachitidwa opaleshoni ya chiuno kapena ya mwera, ndipo anthu a shuga zimawagwira msanga chifukwa mitsempha yawo sichedwa kuvulala. Dzina lake mukafuna kusaka pa foni kapena mukaliona mu fayilo yanu ndi `meralgia paresthetica`. Si matenda achilendo, madokotala Martin Bernhardt wa ku Jeremani ndi Vladimir Roth wa ku Rasha analemba za iwo mu 1895, ndipo Sigmund Freud, dokotala wotchuka wa za maganizo, naye anali nawo mpaka analemba za ntchafu yake yomwe chaka chomwecho.

Tsono chomwe chimasokoneza nchakuti mizu ya L2 ndi L3 ija ikapanika komweko ku msana, kaya ndi disiki, ndiye kakhushoni kokhala pakati pa mafupa a msana, itatuluka pamalo pake, kaya ndi kabowo kotulukira muzuwo kamene kachepa, uthenga wolakwika umakafikanso ku ntchafu yomweyo. Koma muzu wa ku msana sudyetsa kamtsempha kamodzi kokha ayi. Zili ngati magetsi a mnyumba, babu limodzi likazima pomwe masoketi onse akugwira bwino vuto lili pa waya wa babulo, koma likazima limodzi ndi masoketi a mbali imeneyo ndekuti mukayang'ane ku bokosi lalikulu. Muzu wa L2, L3 ndi L4 ndi umene umapereka mphamvu ku minofu yonyamula bondo mmwamba, yowongola bondo, ndi yobweretsa ntchafu pamodzi, komanso ndi umene umachititsa kuti mwendo udumphe adokotala akamenya pansi pa bondo ndi kahamala kaja. Nde funso lalikulu pa nkhani yonseyi ndi limodzi, kodi chavuta ndi khungu lokha, kapena mphamvu nazo zakhudzidwa?

Choyamba jambulani malire a dzanzilo, ndipo ndikunena kujambula kwenikweni ndi cholembera pa khungu. Tengani kathonje kapena kansalu kofewa, yambani pakati pa pamene pafa dzanzipo muziyendetsa pang'onopang'ono kupita kutsogolo, pamene mwayamba kumva bwino ikani kadontho, bwererani pakati mupite kumbuyo, kenako mmwamba, kenako mmunsi. Kamtsempha kopanika pachiuno kamapereka chigamba chooneka ngati chowulungika chotalikirapo, kunja ndi kutsogolo pang'ono kwa ntchafu, pamene chikhatho chimagwera mukaimirira manja ali pansi, kapena pamene thumba la thalauzi limathera, nthawi zambiri kukula kwake ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Malire ake amakhala omveka bwino moti munthu amakuuza kuti apa ndikumva, apa ayi, kusiyana kwa chala chimodzi chokha. Sichitsika kupitirira bondo, sichilowa mkati mwa ntchafu ku mphechepeche, sichifika ku thako kapena ku phazi. Mukapeza kuti dzanzi latsika mpaka ku msongolo kapena ku zala ndekuti si kamtsempha kameneka, sikafika kumeneko olo pang'ono.

Za ku msana zimakhala zina. Mizu yoyandikana imagawana khungu, gawo la muzu umodzi limalowerera mu gawo la unzake, nde umodzi ukapanika dzanzi lake limakhala losamveka malire, munthu amangosisita ntchafu yonse nkumati chapa-chapa. Chimene chimakula kwa iyeyo ndi ululu wamkati, wobaya kapena wokoka, umene umayenda mzere. Muzu wa L3 ululu wake umachoka ku msana kapena ku thako nkuzungulira kutsogolo kwa ntchafu mopendekeka kulowera mkati mwa bondo. Wa L4 umapitirira bondo kutsikira mkati mwa msongolo. Ndipo pali wa L5, umene anthu amauiwala pa nkhani ya ntchafu koma ndi umene umapanika kawirikawiri, uwu umadutsa kunja kwa ntchafu kwenikweni koma suima pamenepo, umatsika kunja kwa katumba mpaka pamwamba pa phazi ndi chala chachikulu. Madisiki ambiri amene amatuluka, oposa 9 pa 10 aliwonse, ndi awiri ammunsi aja, L4-L5 ndi L5-S1, ndipo amenewo ululu wawo nthawi zambiri umatsika kupitirira bondo. Disiki ya mmwamba yoti nkupanikiza L2 kapena L3 imachitika ndithu koma si kawirikawiri, ndipo imakonda anthu achikulire.

Nkhani ya thalauzi mwatchulayo musaione yaing'ono. Khungu lomwe lafa dzanzi koma nsalu ikangolikhudza likumva kuwawa kapena kunyansa, ena mpaka amasiya kuika foni ndi makiyi mthumba la mbali imeneyo, ena amagona ntchafu ili kunja kwa chofunda, chimenecho chimapezeka kwambiri kwa anthu a kamtsempha kopanika pachiuno. Wa msana kawirikawiri sadandaula za nsalu, amadandaula za kuwerama ndi kudzuka.

Chachiwiri ndi mphamvu, ndipo apa ndipamene ndikufuna mukhazikike chifukwa ndi pamene pamasiyanitsa zenizeni. Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndi yamphamvu kwambiri moti olo itafooka pang'ono, munthu atagona pa bedi nkumakankha dzanja la adokotala amaonekabe wamphamvu, nde kuyesa kwabwino ndi kogwiritsa ntchito kulemera kwa thupi lanu lomwe. Khalani pa mpando wolimba, wina aime patsogolo panu akugwireni manja kuti musagwe koma asakukokeni ayi, nyamulani phazi lamanzere, nde mudzuke ndi mwendo wamanja wokha. Kenako sinthani. Ngati miyendo yonse ikudzutsani mofanana, chimenecho ndi chizindikiro chabwino kwambiri choti L3 ndi L4 zili bwino. Ngati wakumanjawo ukukanika kapena bondo likunjenjemera nkugwa pomwe wakumanzere ukutha, imeneyo si nkhani ya kamtsempha ka khungu. Mukadali pampandopo nyamulani bondo mmwamba wina akulikankhira pansi ndi dzanja, yerekezani mbali ziwiri, kenako aike chibakera pakati pa mawondo anu inu muchipane, amve ngati mbali ina ikufooka. Pomaliza yendani ndi zidendene zala zili mmwamba, ngati phazi limodzi likugwa pansi nkumawomba, ndi L5 ameneyo. Mukhozanso kuyeza kukula kwa ntchafu zonse ziwiri ndi tepi, masentimita 10 pamwamba pa bondo, chifukwa mnofu umene muzu wake wapanika kwa miyezi umayamba kuphwa. Kusiyana pang'ono kulipo kwa aliyense, koma kukakhala kooneka ndi maso kumafunika kufufuza. Chenjezo limodzi, ululu nawo umatha kumufooketsa munthu mwachinyengo, ngati bondo kapena chiuno chikupweteka poyesapo zotsatira zake sizidalirika, mpofunika wachipatala abwereze.

Chachitatu, dzifunseni kuti chimazidzutsa nchiyani. Mukatsokomola mwamphamvu, kuyetsemula kapena kudzikakamiza kuchimbudzi, kodi china chake chimathamanga kuchoka ku msana kutsikira mu ntchafu? Disiki yotuluka imachita zimenezo chifukwa kutsokomola kumakweza mphamvu yokanikiza mkati mwa ngalande ya msana. Kamtsempha ka pachiuno kawirikawiri sikalabadira kutsokomola, iko kamadana ndi kuima nthawi yaitali, kuyenda mtunda, kugona chagada miyendo ili tambalale, ndi chilichonse chothina mchiuno. Gogodani ndi nsonga ya chala pa malo aja, chala chimodzi mkati mwa kansonga ka fupa, ngati mukumva ngati shoko ikuthamangira mu chigamba chomwe mwajambula chija ndekuti mwakapeza. Osamva kanthu sizikutanthauza kuti vuto palibe, kwa anthu ena kamakhala kozama. Palinso kuyesa kwina kosavuta, mugone chammbali mbali yodwalayo ili pamwamba, wina aike manja pa fupa la chiuno chammbali nkukanikiza pansi mwamphamvu ndithu osasiya kwa masekondi 45, zimenezi zimamasula chingwe chija pang'ono, nde ngati kuotchako kwachepa nthawi imeneyo ndi umboni wina woti vuto lili pomwepo. Muyese nthawi yomwe kukuotcha, osati mmawa mutangodzuka kuli zii.

Koma pali msampha umodzi ndiyenera kukuuzani, chifukwa mwati mukakhala pansi zimachepa ndipo anthu ambiri amathamangira pamenepo kuti basi zadziwika. Pali vuto lina la msana lomwe ngalande yodutsa mitsempha imachepa ndi ukalamba, ndipo nalonso limakula munthu akaima kapena kuyenda nkuchepa akakhala pansi kapena kuwerama, chimodzimodzi. Nde chizindikiro chimenecho pachokha sichisiyanitsa kanthu. Kusiyana kwake nkwakuti wa ngalande yochepa nthawi zambiri amakhala wopitirira zaka 60, zimamugwira miyendo yonse iwiri olo umodzi uziposa, zimayambira mmatako nkutsika, ndipo amadandaula kuti miyendo ikulemera kapena kutha mphamvu akayenda kamtunda, osati chigamba chimodzi chootcha chokhala ndi malire. Kamtsempha ka pachiuno nako katha kupanika mbali zonse ziwiri, pafupifupi munthu mmodzi pa asanu aliwonse, koma chimakhalabe chigamba pa khungu uku ndi uku, mphamvu zili bwinobwino.

Msampha wina uli kuchipatala komwe. Kuyesa kumene ambiri amachita pa msana, kuja kogoneka munthu chagada nkunyamula mwendo wowongoka, kumakoka mizu yammunsi, L5 ndi S1. Mizu ya L2 ndi L3 sikokeka mwanjira imeneyo, nde munthu atha kukhala ndi disiki yammwamba yotuluka kuyesako nkuoneka bwinobwino. Yammwambayi timaiyesa munthu atagona chafufumimba, nkupinda bondo chidendene kulowera ku thako, nkunyamula ntchafu pang'ono. Koma nakonso kuyesa kumeneku kumakoka kamtsempha ka pachiuno kaja, nde sikokwanira kungofunsa kuti zapweteka, mpofunika kufunsa kuti zapweteka pati, ndi kuotcha kwa pa chigamba chija kapena ndi ululu wamkati wochoka ku msana kutsika kutsogolo kwa ntchafu.

Tsopano ekisire yanu ija. Ekisire imaonetsa mafupa, sionetsa mtsempha, sionetsa disiki yeniyeniyo, imangoonetsa mpata umene disiki imakhalamo. Ndipo pa zaka 46, kwa munthu wogwira ntchito yolemetsa, kupeza kuti mafupa ammunsi ayamba kusintha ndi chinthu wamba kwambiri, mutajambula anzanu a msinkhu wanu omwe sakumva kalikonse ambiri mwa iwo mupeza zomwezo. Olo sikani ya MRI, imene imaonetsa zonse bwino, imapeza madisiki otupa mwa anthu ochuluka amene alibe ululu uliwonse. Ichi ndi chimene chimandipweteka mtima pa vutoli, munthu amapita ndi chigamba cha pa ntchafu, palibe amene wamuvula nkuyang'ana malire ake kapena kumenya bondo ndi kahamala, akungomutumiza kukajambulitsa msana, chithunzi chikupeza kanthu monga chimachitira nthawi zonse, basi kuyambira tsiku limenelo munthu akuyenda ndi mantha kuti msana wake watha, ena mpaka kusiya ntchito, ena kupatsidwa lamba wothina womangira msana amene akukanikizanso pa kamtsempha pomwepo nkuwonjezera vuto. Chithunzi chimakhala ndi tanthauzo pokhapokha chikagwirizana ndi thupi, mulingo wake ukhale womwewo ndipo mbali ikhale yomweyo. Ngati chithunzi chikuti L5-S1 yaperepeseka koma dandaulo lanu lili pa khungu la L2 ndi L3, ziwirizo sizikukhudzana.

Ndikuuzeni za bambo wina amene zake zinapita mbali inayo, kuti muone kusiyana kwake pafupi. Anali wa zaka za mma 50 kumapeto, wonenepa ndithu, lamba wothina pansi pa mimba, akudandaula kuotcha ndi dzanzi pa ntchafu yamanzere, aliyense womuona akanati ndi kamtsempha ka pachiuno ndipo anali atauzidwa kale choncho. Nditamupatsa cholembera kuti ajambule malire anakanika, dzanja limangoyenda kuchoka kunja kwa ntchafu kudutsa kutsogolo mpaka mkati mwa bondo. Nditafunsa za masitepe anati potsika bondo limakhala ngati lifuna kupindika lokha moti anayamba kugwira khoma, iye ankaganiza kuti ndi kunenepa chabe. Usiku ululu umamudzutsa, wamkati, osati wa pa khungu. Podzuka pa mpando ndi mwendo wamanja anatha, ndi wamanzere anangonyamuka pang'ono nkubwerera pampando. Kahamala pa bondo lamanja mwendo unadumpha, lamanzere unangogwedezeka pang'ono. Kugogoda pa kansonga ka fupa sikunabweretse kanthu. Apo nde MRI inali ndi chifukwa chomveka, ndipo inapeza disiki yotulukira chammbali pa L3-L4 kumanzere ikupanikiza muzu wa L3 potuluka, mulingo womwewo, mbali yomweyo. Tinamuyezanso shuga, chifukwa matenda a shuga ali ndi mtundu wina wa kuvulala kwa mitsempha umene umayamba ndi ululu woopsa wa ntchafu kenako mnofu nkufooka ndi kuphwa, munthu nkuwonda, ndipo umafanana kwambiri ndi zimenezi. Yerekezani ndi inu, msana suwawa, kuotcha kuli pa khungu, nsalu ikunyansa, lamba wolemera tsiku lonse. Chomwe simunandiuze ndi za mphamvu ndi masitepe, nde chimenecho mukayese.

Zikakhala kuti sizikudziwikabe, pali njira imodzi imene imadula nkhani. Adokotala amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, lidokeni, pang'ono chabe pa malo pamene kamtsempha kamadutsa paja, bwino kwambiri akamaona ndi makina a sikani ya alatirasaundi chifukwa njira ya kamtsemphaka imasiyana munthu ndi munthu. Ngati pakangopita mphindi zochepa kuotcha kwatheratu, mukuima ndi kuyenda osamva kanthu kwa ola limodzi kapena kuposa, ndekuti gwero lake ndi pomwepo. Ngati sizinasinthe mwina ndi msana, koma mwinanso singano inaphonya kamtsemphako, nde jakisoni mmodzi wobaya mongoyerekeza akalephera si umboni wokwanira. Kuyeza mitsempha ndi magetsi kulipo, koma pa kamtsempha aka nkovuta makamaka kwa anthu onenepa, phindu lake lalikulu ndi kuona ngati minofu ya L2, L3 ndi L4 yakhudzidwa. Ndipo musaiwale kuti munthu mmodzi atha kukhala ndi zonse ziwiri, msana wowawa wa zaka zambiri komanso kamtsempha kopanika kamene kabwera posachedwa.

Tizinthu tina tiwiri tofanana nazo mwachidule. Ngati kuotcha kwangoyamba masiku ochepa apitawa yang'anani khungu tsiku ndi tsiku, mashingozi amayamba ndi kuotcha matuza asanatuluke, koma inu pa miyezi itatu zimenezo zinapita. Ndipo ululu wa pa fupa lakunja kwa chiuno umene umakula mukagonera mbali imeneyo, wopanda dzanzi, umenewo ndi wa minofu ndi misempha yomangirira pa fupalo, nkhani ina.

Pali zizindikiro zomwe mukaziona musadikire yankho la wina aliyense. Dzanzi pakati pa miyendo, kumaliseche kapena kuzungulira kotulukira chimbudzi, mkodzo kukanika kutuluka kapena kutuluka osadziwa, kulephera kugwira chimbudzi, miyendo kufooka mofulumira, zimenezo ndi za tsiku lomwelo kuchipatala olo pakati pa usiku, chifukwa mitsempha ya kumapeto kwa msana ikapanikizika yonse pamodzi kuchedwa kwa maola kumasiya chilema. Zina si za ola lomwelo koma za sabata yomweyo, monga kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda osadziwa chifukwa, msana wowawa usiku osapeza pogonera, chotupa mmimba kapena mphechepeche, kapena ngati munadwalapo khansa kapena TB, pakuti TB imagwiranso mafupa a msana ndipo mafinya ake amatha kutsika motsata mnofu wa mkati mwa chiuno pamene mitsempha imeneyi imadutsa. Amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ngati wafarini nkuyamba mwadzidzidzi ululu wa mphechepeche ndi dzanzi la ntchafu, nayenso apite msanga, kutha kukhala kukha magazi mkati.

Ngati zonsezo palibe ndipo mphamvu zili bwino, chithandizo chimayamba ndi lamba ameneyo, ndipo ndikunenetsa chifukwa anthu amafuna mapilitsi nkusiya chomwe chikupanikizacho chili pompo. Kungomasula bowo limodzi sikokwanira ayi. Kulemera kwa zidazo kuchoke mchiuno kupite pa mapewa, pali malamba okhala ndi zingwe zodutsa pa mapewa, kapena muzinyamula zida mu chikwama, thalauzi ikhale yomasuka yosadutsa pa kansonga ka fupa kaja, mthumba lakutsogolo la mbali imeneyo musaikemo foni kapena chikwama cha ndalama. Poima nthawi yaitali pondetsani phazi lamanja pa kanthu kokwera pang'ono kuti chiuno chipindike, ndipo pezani mpata wokhala pansi mphindi zochepa kuotcha kusanafike pachimake. Pogona ikani pilo pansi pa mawondo. Ngati thupi lakwera miyezi yapitayi kutsitsako makilo ochepa kumathandiza kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo kayezetseni shuga olo mukudzimva bwino. Masewera okoka ntchafu kumbuyo mwamphamvu, aja ogwada bondo limodzi nkukankhira chiuno kutsogolo, kwa ena amawonjezera kuotcha, nde zikatero asiyeni. Kusisita mwamphamvu pa kansongapo nakonso ayi.

Panado ndi bulufeni amathandiza pang'ono chabe pa ululu wa mtsempha, ndipo bulufeni si womwa miyezi, amawononga chifu ndi impso. Kuotcha kukamakulepheretsani kugona adokotala atha kukulemberani amitiriputilini wochepa, nthawi zambiri timayamba ndi mamiligalamu 10 mpaka 25 usiku, amatenga masabata angapo kuti aoneke ntchito yake ndipo amaumitsa kukamwa ndi kugonetsa, kapena gabapentini amene amachititsa chizungulire poyamba, nde ngati ntchito yanu ndi yokwera pamwamba kapena yoyendetsa makina muwauze adokotala asanalembe. Mankhwala amenewa amangotontholetsa mtsempha, samasula pamene papanikapo. Amayi oyembekezera asamwe zimenezi mwa okha, kwa iwo vutoli nthawi zambiri limatha akabereka. Pa khungu lofa dzanzilo musaikepo botolo la madzi otentha kapena kuwotha pafupi ndi moto, mutha kupsa osamva.

Anthu ambiri amapeza bwino popanda opaleshoni, koma mitsempha imachira mochedwa, muwerenge masabata ndi miyezi osati masiku. Chimayamba kutha ndi kuotcha, dzanzi limatsalira mmbuyo, ndipo kwa ena kachigamba kakang'ono kosamva bwino kamakhalapo mpaka kalekale koma kopanda vuto lililonse pa kayendedwe. Malire munajambula aja ajambuleni pa foni lero, mubwereze pakatha mwezi, muone ngati chigamba chikuchepa. Pakapita masabata 6 mpaka 8 mutachotsadi lamba koma palibe kusintha, bwererani mukapemphe jakisoni uja, nthawi imeneyo amasakaniza lidokeni ndi siteroidi, mankhwala ochepetsa kutupa, kuti ayese komanso achize nthawi imodzi, ena amafunika kubwereza. Opaleshoni ndi ya ochepa amene zonsezi zakanika ndipo jakisoni anatsimikiza gwero lake, ilipo ya mitundu iwiri, kumasula kamtsemphako pa chingwe chija kapena kukadula kumene, kudulako nthawi zambiri kumathetsa kuotcha koma chigambacho chimakhala cha dzanzi moyo wonse, nde ndi chisankho chofunika kukambirana modekha. Ndipo ngati pa nthawi yodikirayi dzanzi layamba kutsika kupitirira bondo, kapena bondo layamba kukugwetsani pa masitepe, musadikire kuti masabata aja akwane, pitani akamenye bondo ndi kahamala nkuyesa mphamvu mbali zonse ziwiri, pamenepo MRI ya msana idzakhala ndi funso loti iyankhe.